Invoisi yakana kugwirizana ndi oda: ndilipire ziti, ndipo asainire ndani?

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi miyezi 7 yokha pa ntchito yolipira masapulaya ndipo lero ndagwira njakata. Tinatulutsa oda ya zitini 400 za penti, za malita 5, pa mtengo wa 120 chitini chimodzi, zonse 48,000 popanda msonkho. Anasainira ndi manijala wa nthambi yathu, amene malire ake ndi 50,000. Ikaposa pamenepo imapita kwa mkulu wa zachuma. Katundu anabwera maulendo awiri. Delivale noti yoyamba ikuti 250, yachiwiri ikuti 150. Invoisi yabwera ya zitini 400 koma pa 126, kuphatikiza thiransipoti ya 1,400, zonse 51,800. Sisitimu yaitsekera. Sapulaya akuimba foni kawiri pa tsiku, ndipo manijala akuti "ingolipirani, katundu anafika". Ndiyambire pati?

Yamikani: Funso loyamba mchemwali: makoteshoni atatu munatenga? Ngati simunatenge ndiye chifukwa chake yakana. Kwathu popanda makoteshoni atatu palibe chimayenda.

Tadala: Analipo atatu achimwene, ndipo uyu ndi amene anali wotsika mtengo. Koma sindikuona ngati vuto lili pamenepo.

Anankhoma: A Yamikani mwasokoneza "zitatu" ziwiri zosiyana. Makoteshoni atatu ndi posankha woti tigule kwa iye, oda isanatuluke. Zimene zatsekera a Tadala ndi za kumapeto, pofuna kulipira: zimene tinaitanitsa, zimene tinalandira, ndi zimene akutilipitsa.

A Tadala, ndisanayankhe, mwatiuza zimene madelivale noti akunena. Nanga a kosungira katundu anawerenga zingati? Pepala lawo lolandirira katundu, limene masisitimu ambiri amalilemba kuti GRN, likuti chiyani?

Tadala: Ndinkaganiza kuti ndi chimodzimodzi, mayi. Dikirani ndikafunse.

Bambo Mvula: Si chimodzimodzi ayi mwana wanga. Ine ndakhala zaka 19 ndikulandira katundu. Delivale noti ndi pepala la sapulaya, amalilemba kwawo galimoto isananyamuke. Limanena zimene iwo akuti anapakira. GRN ndi pepala lathu, limanena zimene manja athu anagwira. Tsiku limene awiriwa agwirizana timathokoza, koma sitiyambira poganiza kuti agwirizana.

Tadala: Ndabwerako. Zinthu zake zili motere. Ulendo woyamba GRN ikuti 240, osati 250. Ulendo wachiwiri zinabweradi 150 koma 12 zinali zophwanyika, zikudontha, ndiye anazibweza pa galimoto yomweyo nkulemba 138. Zonse zolandiridwa ndi 378. Ndiye kuti vuto si mtengo wokha.

Anankhoma: Eya, tsopano tayamba kuona. Tengani pepala mulembe nambala imodzi pamwamba: 378 kuchulukitsa ndi 120, zimene ndi 45,360. Imeneyo ndi ndalama yokhayo imene mapepala onse atatu akuvomerezana, chifukwa inaitanitsidwa, inalandiridwa, ndipo ili pa invoisi. Invoisi ikuti 51,800, ndiye pali 6,440 yopachikika.

Cholakwika chimene atsopano ambiri amachita ndi kunyamula 6,440 yonseyo kupita nayo kwa munthu m'modzi kuti "bwana, pali kusiyana". Bwanayo amangoyang'ana, nkunena kuti ndi yochepa, nkusainira. Iphwanyeni kaye, chifukwa ndi milandu itatu ndipo uliwonse uli ndi mwini wake.

Woyamba ndi zitini 22 zimene simunalandire. Pa mtengo wa pa oda ndi 2,640. Umenewu ndi wa a kosungira katundu pamodzi ndi sapulaya. Wachiwiri ndi 6 wowonjezera pa chitini chilichonse mwa 400, ndiye 2,400. Umenewu ndi wa amene anagula, ndi iye angatiuze ngati panali kugwirizana kulikonse. Wachitatu ndi thiransipoti ya 1,400 imene pa oda palibe. Muwerenge koteshoni muone ngati mtengo unali wofikitsa katundu pakhomo kapena wokatenga nokha. Mukaphatikiza zitatuzo mupeza 6,440 ndendende. Zikapanda kukwana ndiye kuti pali china chimene simunachione.

Ndipo ziwiri mwa zitatuzi simungazithetse inu. Ntchito yanu ndi kuzipeza ndi kuzitumiza kwa eni ake.

Mphatso: Ine ndimagula, ndiye ndiyankhule ngati wogula. Zonsezi nzoona koma mukuchedwetsa zinthu. Njira yachangu ilipo: oda yoyamba isiyeni pa 48,000, mutulutse ina yaing'ono ya 3,800 yokwaniritsa mtengo ndi thiransipoti. Manijala yemweyo asainira chifukwa ndi yochepa kwambiri. Sisitimu itsegula, sapulaya alandira zake, zitini 22 zibwera pambuyo. Timachita kawirikawiri.

Anankhoma: A Mphatso, ndikanakhala odita wanu ndikanathokoza chifukwa mwandichepetsera ntchito. Maoda awiri, sapulaya m'modzi, katundu yemweyo, wosainira yemweyo, ndipo pophatikiza akudutsa malire ake ndi 1,800. Yachiwiriyo tsiku lake lili pambuyo pa tsiku la invoisi. Zimenezi ndi zoyamba kufufuza: timasanja maoda potsata sapulaya ndi tsiku, nkuyang'ana amene agundana pansi pa malire. Sipafunika nzeru zambiri.

Malire sayezedwa pa pepala limodzi, amayezedwa pa kugula kumodzi. Kampani inati manijala uyu angaimangirire ngongole mpaka 50,000. Kugula kumeneku kukafika 51,800, mphamvu zake zatha, kaya mwakulemba pa mapepala awiri kapena khumi.

Mphatso: Mayi, si kuba kumeneku. Palibe amene akudya ndalama. Mkulu wa zachuma amatenga sabata kuti asainire kanthu kakang'ono, pamene ntchito yaima.

Anankhoma: Sindinati mukuba, achimwene. Koma pa pepala, wogawa oda chifukwa cha changu ndi wogawa oda chifukwa cha kuba amaoneka chimodzimodzi, ndipo amene adzafunsidwe ndi a Tadala amene analowetsa invoisi. Ngati mkuluyo amachedwa, limenelo ndi vuto lenileni, koma mankhwala ake ndi kumupezera womugwirizira wolembedwa, kapena kukweza malire a manijala poyera.

Bambo Mvula: Komanso a Mphatso mwaiwala china. Njira yanuyo ikulipira zitini 400 pamene m'nyumba muli 378. Kuti sisitimu itsegule, wina ayenera kulemba GRN ya zitini 22 zimene kulibe. Wina ameneyo ndi wosunga katundu. Tsiku lowerenga sitoko zikasowa 22, palibe amene adzakumbuke kuti "tinkathandiza sapulaya". Adzati wosunga katundu waba penti. Ine anandipemphapo zotere ndili mnyamata, ndinavomera, ndipo anandidula pa malipiro miyezi itatu. Kuyambira pamenepo sindilemba chimene sindinachione.

Mphatso: Pa zitinizo ndavomera, bambo. Pa oda yachiwiri ndikadali ndi mawu koma pitirizani.

Chisomo: Ndiyankhuleko ine wa mbali inayo, ndimatolera ngongole kwa sapulaya wina, osati ameneyu. A Tadala, taonani delivale noti yoyambayo, ya 250. Anasainira ndani, ndipo analembapo chilichonse?

Tadala: Galimoto inafika cha m'ma 6 madzulo, a kosungira katundu ataweruka. Anasainira ndi mlonda. Palibe cholembapo china, siginecha ndi chidindo basi. Kuwerenga kunachitika m'mawa mwake.

Chisomo: Ndiye pamenepo konzekani. Zitini 12 zija nzosavuta: dalaivala anabwerera nazo, ndipo ngati analemba pa pepala nkusainira, kirediti noti, pepala la sapulaya lochepetsa ndalama ya pa invoisi, ituluka popanda phokoso. Koma 10 zoyambazo, ife kuno tikatsegula faelo timapeza pepala lokhala ndi chidindo chanu likunena kuti 250 zinafika. Inu mukuti 240, koma munawerenga patapita usiku wonse katundu ali m'manja mwanu. Bwana wanga angandiuze kuti sapereka kirediti noti, ndipo ine sindingamutsutse. Mwina sizinapakiridwe, mwina zinatsika panjira, mwina zinasowa usikuwo pamalo panu. Angadziwe ndani?

Bambo Mvula: A Chisomo anena zoona ngakhale zikuwawa. Mlonda amaloledwa kusainira kuti galimoto yafika, osati kuti katundu ndi wokwana. Akakakamizika kulandira usiku, alembe pa mapepala onse awiri, lathu ndi la dalaivala, kuti "talandira osawerenga", dalaivala asainire pomwepo. Komabe mawu amenewo si mankhwala a zonse. Masapulaya ambiri amalemba kuseri kwa pepala lawo masiku amene muyenera kudandaula katundu akaperewera. A Tadala tembenuzani pepalalo muwerenge. Kenako funsani ngati a kosungira katundu anadziwitsa sapulaya tsiku lomwelo, pa imelo kapena kalata, osati pa foni chabe.

Chinanso chimene ndimachita ine: zitini zimabwera m'makatoni kapena zokulungidwa pa mapaleti. Funsani ngati anajambula, ngati zokulungirazo zinali zong'ambika, ndi kuti paleti iliyonse inali ndi zingati. Ngati mapaleti onse anali omata bwino ndipo aliyense anali ndi 48, asanu ndi 240, ndiye kuti kulakwitsa kunachitikira kopakira, ndipo sitoko ya sapulaya iyenera kukhala ndi zitini 10 zoposera. Mungawapemphe akawerenge kwawo.

Chisomo: Imeneyo ndiye njira. Mukatipempha mwaulemu kuti tiwerenge, timawerenga. Mukayamba ndi mawu oti "mwatibera", aliyense amagwira pepala lake.

Tadala: Imelo ilipo, anaitumiza m'mawa womwewo nthawi ya 9. Sapulaya sanayankhe. Za mapaleti ndifunsa mawa.

Kondwani: Ndifunseko za sisitimu. Kwathu timagwiritsa SAP. Oda imalembedwa mu ME21N, katundu amalandiridwa mu MIGO, invoisi imalowa mu MIRO. Ikasiyana kupyola mlingo wololedwa, invoisi imalowabe m'mabuku koma imalandira chitseko R ndipo siituluka pa mndandanda wolipira mpaka wina aitsegule mu MRBR. A Tadala, yanu yakana kulowa kapena yalowa nkutsekeredwa? Ndipo mlingo wanu wa mtengo ndi wotani?

Tadala: Yathu si SAP koma imachita zofanana. Yalowa, ili pa HOLD. Mlingo wa mtengo ndi 2 peresenti, wa kuchuluka kwa katundu ndi 0. Ndipo ndikuona kuti batani lotsegulira ine ndimatha kulidina.

Kondwani: Musalidine. Ndipo kuti mumatha kulidina ndi vuto palokha, mukauze abwana anu. Wolowetsa invoisi sayenera kukhala wotsegulanso chitseko chake. Pa 2 peresenti sisitimu ikanalola mpaka 122.40. Iwo afika 126, imene ndi 5 peresenti, ndiye yachita ntchito yake.

Yamikani: Ndiye bwanji osangokweza mlingowo kufika 5 peresenti? Kwathu zotsekeredwa zinachuluka mpaka tinkagona ku ofesi kumapeto kwa mwezi. Atakweza, zinatha.

Kondwani: Zinatha kuoneka, achimwene, sizinathe kuchitika. Mlingo uja unaikidwa chifukwa cha tinthu ting'onoting'ono, monga kusiyana kobwera pozungulitsa manambala, kuti munthu asataye ola lathunthu pa kandalama kosakwana mtengo wa pepala. Sapulaya akazindikira kuti 5 peresenti imadutsa popanda funso, mitengo yake yonse idzakhala 4.9 peresenti pamwamba pa oda. Ndipo peresenti yokha siikwanira, pamafunikanso malire a ndalama, chifukwa 2 peresenti ya oda yaikulu ndi ndalama zambiri. Mu SAP mlingo wa mtengo uli pa PP, wa kuchuluka pa DQ, ndipo pa PP mutha kuika zonse ziwiri.

Yamikani: Koma zambiri zimene zinkatsekeredwa kwathu sanali sapulaya wolakwa. Oda inkalembedwa m'makatoni, invoisi nkubwera m'zidutswa. Katoni imodzi ya zolembera 50, sisitimu ikuona 1 mbali ino, 50 mbali inayo.

Kondwani: Zimenezo zimachitikadi, ndipo nzotopetsa. Koma zimakonzedwa pa khadi la katunduyo, polemba kuti katoni ndi zidutswa 50. Kukweza mlingo sikungathandize pa kusiyana kwa 1 ndi 50. Ndikuganiza kuti kwanuko anachita zoposa kukweza mlingo.

Yamikani: Mwina. Sindinali ine wosintha.

Tadala: Nkhani yasinthanso. Ndafunsa amene anagula. Akuti katundu woyamba atabwera, sapulaya anaimba kunena kuti mitengo yakwera ndipo 150 zotsalazo sangazipereke pa 120. Iye anayankha pa uthenga wa pafoni kuti "chabwino, bweretsani". Wandionetsa uthengawo. Oda sanaisinthe, akuti anaiwala. Za thiransipoti, koteshoni siikunena chilichonse, kaya kuti ilimo kaya mulibe.

Mphatso: Mwaona? Ndiye kuti mtengo unavomerezedwa. Lipirani 126.

Anankhoma: Pang'onopang'ono a Mphatso. Theka la mawu anu ndi loona. Ngati uthengawo ukunena za 150 zotsala, ndiye kuti ulendo woyamba ukhalabe pa 120, chifukwa unafika kukwerako kusanatchulidwe. Sapulaya waika 126 pa zonse 400, pamenepo waonjeza. Chimene angafunse ndi 6 pa zitini 138 zimene zinalandiridwa ulendo wachiwiri, ndiye 828, osati 2,400.

Theka linalo ndi lovuta. Kodi wogulayo ali ndi mphamvu yovomera mtengo watsopano? M'malo ambiri alibe, iye amakonza oda, wina nkusainira. Mkati mwa kampani, "chabwino" wakeyo si chilolezo. Koma sapulaya anganene kuti anachita zinthu pokhulupirira munthu amene amayankhula naye nthawi zonse za maoda, ndipo kutengera malamulo a dziko ndi zimene zalembedwa pa oda yanu, mwina angapambane. Maoda ambiri amakhala ndi mawu oti kusintha kulikonse kuyenera kulembedwa ndi kusainidwa. Onani ngati yanu ili nawo. Mulimonsemo, a Tadala simungalipire 126 chifukwa cha chithunzi cha uthenga. Oda isinthidwe kaye, idutsenso kwa wosainira, pamenepo sisitimu idzagwirizana yokha popanda wina kukankha.

Tadala: Ikasinthidwa ibwerera kwa manijala yemwe uja?

Anankhoma: Apa ndiye pokoma. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mukasiya oda pa zitini 400, 250 pa 120 ndi 150 pa 126, ikufika 48,900. Ikadali pansi pa 50,000, manijala angasainire. Mukavomera thiransipoti, ikufika 50,300. Yadutsa ndi 300 yokha, koma yadutsa, ndiye ipite kwa mkulu wa zachuma. Ndipo iye ayenera kuona oda yonse, osati chowonjezera chokha. Masisitimu ena osakonzedwa bwino amatumiza kusinthako potengera kukula kwa chowonjezeracho, ndiye 2,300 imadutsa kwa munthu wamng'ono ngakhale oda yonse yapyola malire. Fufuzani yanu imachita bwanji.

Mphatso: Ndiye ndibwererenso. Tsekani oda pa 378. Zitini 240 pa 120, 138 pa 126, ndi thiransipoti, zikukwana 47,588. Pansi pa malire. Palibe oda yachiwiri, palibe GRN yabodza. Apa mayi munditsutsa bwanji?

Anankhoma: Sindikutsutsani, ngati zitini 22 zija sizikufunikanso. Ngati ntchito yatha ndi 378, kutseka oda ndi chinthu choyenera, ndipo kumachotsa ngongole yoyembekezeka m'mabuku. Koma ngati sabata yamawa opaka penti abwera kuti "tikufuna 22 zathu" nkutuluka oda yatsopano kwa sapulaya yemweyo, ndiye tabwerera ku njira yanu yoyamba, yangovala malaya ena.

Mphatso: Koma pamenepo palibe amene anakonza chiwembu. Zinthu zangochitika choncho. Sapulaya ndi amene anaperewetsa.

Anankhoma: Apa ndikuvomerezani kuti mzere suli woonekeratu. Odita wina angaone kuti palibe vuto, wina angalembe. Ine ndikanakhala manijalayo ndikanatumiza imelo ya mizere itatu kwa mkulu wa zachuma kufotokoza zonse, kuti adziwe zisanachitike. Koma si lamulo, ndi mmene ndimagonera tulo ine.

Kondwani: Palinso funso limene palibe walifunsa: malire a 50,000 ndi ophatikiza msonkho kapena ayi? A Tadala anati 48,000 ndi yopanda msonkho. Ngati chikalata cha malire chimawerengera ndi msonkho womwe, ndiye kuti oda yoyambayo inali itadutsa kale tsiku limene inasainidwa.

Tadala: Mwandiopseza. Ndatsegula chikalatacho. Chikungoti "mtengo wa oda". Sichikutchula msonkho.

Kondwani: Ambiri ndi otero. Kumene kampani imabwezeredwa msonkhowo, nthawi zambiri amayeza popanda msonkho chifukwa si ndalama yotayika. Kumene sabwezeredwa, pali chifukwa choyezera ndi msonkho. Inu musamasulire nokha, funsani molemba, yankho mulisunge.

Chisomo: Pamene mukukambirana za malirezi, ife a kunja tikudikira ndalama. Ndipemphe chinthu chimodzi: musagwire 51,800 yonse chifukwa cha 6,440. Lipirani 45,360 imene palibe akuitsutsa. Ifenso tili ndi otilondola.

Yamikani: Eya, ingodulani mulipire zimene mukugwirizana nazo, nkhani yatha. Ife timatero.

Anankhoma: Kulipira gawo losatsutsika ndikugwirizana nako, ngati ndondomeko yanu imalola. Koma "nkhani yatha" ayi. Mukangodula mwakachetechete, m'mabuku a Chisomo mumatsala 6,440 pa dzina lanu, imabwera pa sitetimenti mwezi ndi mwezi, ndipo pakatha chaka wina watsopano pa mpando wa a Tadala amailipira poganiza kuti inaiwalika. Ndaziona kangapo. Komanso msonkho wa pa invoisi unawerengeredwa pa 51,800, ndiye popanda pepala lochokera kwa sapulaya lochepetsa ndalamayo, zolemba zanu za msonkho ndi zake sizigwirizana.

Choyenera ndi kirediti noti yotchula nambala ya invoisi, kapena afafanize invoisi yonse ndi kirediti noti nkutulutsa yatsopano yolondola. Akasankha yachiwiriyi, samalani kuti yakaleyo yatsekedwadi, chifukwa kulipira kawiri kumayambira pamenepo: mainvoisi awiri, manambala osiyana, katundu yemweyo. Ubwino wake ndi woti GRN imodzi siingagwiritsidwe kawiri ngati sisitimu ikuyenda bwino, koma musadalire zimenezo zokha.

Polipira gawolo tumizani kalata yofotokoza mzere ndi mzere: izi talipira, izi tikudikira kirediti noti, izi zikudikira kusintha oda, izi tikukambirana.

Chisomo: Kalata imeneyo ndi imene timafuna. Ndalama ikangolowa yoperewera popanda mawu, ine ndimakhala tsiku lonse ndikuganiza kuti ndi ya invoisi iti.

Yamikani: Kwa ife opanda masisitimu akuluakuluwa, ndimachita mu Excel. Tsamba lina la maoda, lina la GRN. Pa mzere uliwonse wa oda ndimaphatikiza zolandiridwa motere:

```
=SUMIFS(GRN!D:D,GRN!A:A,A2,GRN!B:B,B2)
```

A ndi nambala ya oda, B ndi kodi ya katundu, D ndi kuchuluka. Ndimachitanso chimodzimodzi pa mainvoisi nkuchotsera.

Bambo Mvula: Mu D mumalembamo zobwera kapena zovomerezedwa? Pa nkhani ya a Tadala ulendo wachiwiri zobwera ndi 150, zovomerezedwa ndi 138.

Yamikani: Mmm. Timalemba za pa delivale noti.

Bambo Mvula: Ndiye mukufananitsa pepala la sapulaya ndi pepala lina la sapulaya yemweyo, achimwene. Lidzagwirizana nthawi zonse.

Yamikani: Mwandigwira, bambo. Ndiwonjezera danga lina.

Tadala: Funso lomaliza. Mwezi ukutha Lachisanu. Zikapanda kutheka pofika tsikulo, m'mabuku muoneka chiyani?

Kondwani: Katundu amene munalandira ndi ngongole kale, kaya invoisi yatsegulidwa kapena ayi. GRN italembedwa, sisitimu inayenera kuika 45,360 ku sitoko ndi ku akaunti yodikirira invoisi, imene mu SAP ndi GR/IR. Poti invoisi yanu inalowa ndi zitini 400 pamene GRN ili ndi 378, akaunti imeneyo itsala ndi zitini 22 zopachikika mpaka kirediti noti kapena katundu abwere. Mulembe pa ndandanda yanu ya kumapeto kwa mwezi chifukwa chake. Za 828 ija ndi thiransipoti, akauntanti wanu ndi amene aone ngati aziwerengere ngati ngongole mwezi uno.

Tadala: Zikomo nonse. Mmene zilili pofika madzulo ano: sapulaya wavomera kirediti noti ya zitini 12, komanso kuti 250 zoyamba zibwerere pa 120. Thiransipoti akuti sachotsa chifukwa tinawayendetsa kawiri, pamene wogula wathu akuti maulendo awiriwo anali ofuna iwo poti analibe sitoko yokwanira. Mapaleti anali asanu, koma imodzi inali yotsegula pamwamba, ndipo palibe anajambula. Akana kuwerenga kwawo mpaka kumapeto kwa mwezi. Manijala sanakondwe nditamuuza kuti mwina zipita kwa mkulu wa zachuma, akuti ndikukulitsa nkhani ya zitini 10.

Bambo Mvula: Paleti yotsegulayo mlonda akuti inafika choncho kapena anaipeza choncho m'mawa?

Tadala: Ali pa tchuthi, abwera Lolemba.

Mphatso: Ndipo opaka penti aja akuti 22 zija akuzifuna kapena ayi? Yankho limenelo ndi limene likuuzani wosainira.

Tadala: Akuti aona khoma lakumbuyo likauma.